Ndithandizeni kuwerengera malipiro anga a zaka 10 zikubwerazi

Membala wosadzitchula: Anzanga, ndibiseni dzina. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ana atatu, ndipo lendi yanditopetsa. Mwini nyumba wakwezanso, chonsecho denga likudontha pamwamba pa bedi penipeni. Alamu anga anabwereka ndalama ya chipeleganyu changa chaka chatha, mpaka lero zii, amuna anga akuti ndisawakumbutse. Ndapeza puloti ndipo ndikufuna ngongole yomangira. Ndikuopa kutenga yoposa msinkhu wanga. Pofika zaka 10 ndidzakhala ndikulandira zingati? Akuti chaka chilichonse pamakhala kowonjezera. Tulo sindikupeza.

Wa geni ku Lunzu: MUSAWERENGERE CHILICHONSE MAYI! Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Notchi yanuyo inakwera ndi zingati? Yambani geni basi.

Madamu a Sitandade 2: Nkhani ndi alamuwo. Anga anatenga feteleza matumba awiri, pa maliro pokha mpomwe timaonana. Pitani kwa ankhoswe.

Mnyamata wa masamu: Nzosavuta. Onani peresenti imene munakwera nayo chaka chatha, muziiwonjezera pamwamba chaka ndi chaka kakhumi. Mwamaliza.

Ahedi opuma: Mwana wanga wa masamu, mwaphatikiza zinthu ziwiri. Pali notchi, kakwerero ka mkati mwa giredi, ndiye pali kukweza kumene boma limalengeza kwa onse. Koyambako kali pa sikelo, mungathe kukawerengera. Kachiwiriko palibe angakuuzeni lero. Komanso notchi zimatha: mukafika pamwamba pa giredi yanu mumaima pomwepo kufikira mutakwezedwa. Mayi, simunatiuze chachikulu. Muli giredi yanji, notchi yachingati? PT4 ndi giredi L, PT3 ndi K, PT2 ndi J, PT1 ndi I.

Wa geni ku Lunzu: Agogo, giredi sadyera nsima. Simenti ikudikira giredi?

Membala wosadzitchula: Zikomo bambo. Ku banki kumalowa zochepa kwambiri chifukwa ndili ndi kangongole kena. Nawonso apongozi akuti abwera kudzakhala nafe.

Ahedi opuma: Za ku banki zisiyeni kaye, mayi, zimenezo adula kale msonkho ndi ngongole. Tengani peyisilipi muone malipiro asanadulidwe. Poti giredi simunanenebe, ndipeka manambala ongophunzirira, si a boma. Tinene kuti giredi yanu imayambira K300,000 pa mwezi, notchi ndi K5,000, pamwamba pake K325,000, ndipo inu muli poyambira. Chaka choyamba 300,000, chachiwiri 305,000, mpaka chachisanu ndi chimodzi mwafika 325,000. Apo mwagunda denga. Mukapanda kukwezedwa, chaka cha 10 mudakali pa 325,000, pomwe wongowonjezera notchi osaima akanalemba 345,000. Zaka 10 zonse pamodzi zikukwana K38,100,000.

Tsopano mzere wachiwiri. Tinene kuti mwakwezedwa poyamba pa chaka cha 9, giredi yatsopano ikuyambira K340,000, notchi K6,000. Chaka cha 9 mwaposa mzere woyamba ndi 15,000 pa mwezi, cha 10 ndi 21,000. Kuphatikiza, kuchulukitsa ndi miyezi 12, ndi K432,000 yokha pa zaka zonsezo, msonkho usanadye. Ngongole muiyeze ndi mzere woyambawo. Kukwezedwa sikubwera chifukwa zaka zakwana, kumadikira malo apezeke, alengeze, mukhoze intavyu.

Mnyamata wa masamu: Ndavomera za denga. Pa `Excel` lembani zaka 1 mpaka 10 pa `A` kuyambira pa `A2`, kenako `=MIN(300000+5000*(A2-1),325000)` mukokere pansi. Koma ahedi, kusiya kukweza kwa boma konse ndiye kuwaopseza mayiwa. Sikelo yonse imasuntha.

Ahedi opuma: Imasunthadi, koma mitengo nayo imasuntha. Ine ndimawerengera zonse pa ndalama ya lero, sikelo yatsopano ikatuluka ndimangosintha manambala atatu aja.

Wa geni ku Lunzu: Mwaona, mwafika pa mfundo yanga! Mitengo! Ine ndinasiya choko, lero ndimaoda tomato, palibe amandiuza za denga.

Sala wa kumudzi: Achimwene, mwayankha katatu koma nambala ya malipiro simunapereke ndi imodzi yomwe. Ine ndinakhala PT4 zaka zoposa khumi. Kalata yokwezedwa itabwera, malipiro anatenga miyezi asanasinthe, ndinayenda mpaka nsapato kutha kulondola maariyazi. Mayi, ikani peyisilipi ya chaka chino ndi ya chaka chatha pambalipambali. Ngati malipiro asanadulidwe sanasinthe, mwina mwafika padenga, mwina notchi yanu sanaiike.

Mnyamata wa masamu: Nanga wokwezedwa ali kale pamwamba, malipiro ake akaposa poyambira pa giredi yatsopano, amamuika pati?

Ahedi opuma: Zimenezo akafunse a malipiro ku ofesi yawo, atanyamula kalata yolembedwera ntchito. Mayi, giredi ndi notchi chonde.

Membala wosadzitchula: Peyisilipi ili kusukulu, ndiyang'ana Lolemba. Mwini puloti akuti ndimuyankhe Lachisanu.

Madamu a Sitandade 2: Nanga alamu aja mwawaimbira?