Ndithandizeni pa mpangankhani wanga amene wachita cholakwa

Moni kwa nonse alembi anzanga. Ndikulemba nthano yaitali ndipo ndaima pa mutu wa 9 kwa miyezi iwiri tsopano. Mpangankhani wamkulu ndi namwino amene akutenga mobisa mankhwala otsiriza amene anasungidwira wodwala wina, n'kukapatsa mwana wake amene wadwala mwakayakaya. Wodwala uja akumwalira m'mawa mwake.

Vuto langa ndi lakuti ndikufuna owerenga amvetse chimene chinamukankha mayiyu, koma asamukhululukire msanga. Poyamba ndinalemba womwalirayo ngati munthu wankhanza, ndipo mnzanga amene anawerenga anati kuba kuja kwasanduka chilungamo. Kenaka ndinachititsa kuti mwanayo amwalirenso, koma zinaoneka ngati ine mlembi ndikupereka chilango ndi dzanja langa. Ndinayesanso kulemba masamba atatu a maganizo ake ataima pa kabati ya mankhwala, kiyi ali m'manja, koma zifukwa zinachuluka mpaka anakhala ngati akudziteteza m'bwalo la milandu, ndipo mantha onse a usiku umenewo anazilala.

Nthanoyi ikusimbidwa ndi namwinoyo mwini, patapita zaka khumi, ndipo ndikukayikira kuti gwero la vuto lili pamenepa, chifukwa munthu wosimba mlandu wake amadzikometsera.

Kodi ndionetse wodwalayo ndi abale ake m'mitu yoyambirira kuti imfa yake iwawe? Nanga mayiyu adziwe bwinobwino kuti winayo afa, kapena adzinamize kuti mankhwala ena afika kusanache? Ndithokoza kwambiri malangizo anu.