Wophika wa kontirakiti ya miyezi itatu: ndingomuuza kuti basi?

Mayi a ku Matawale: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira malo ogona alendo kuno ku Zomba. Wophika wathu timamusainitsa kontirakiti ya miyezi itatu, ikatha timamupatsa ina, ndipo pano zakwana zaka ziwiri. Alendo achepa, eni malo akuti ikatha ino tingomutsanzika. Mtima wanga sukukhazikika. Munthuyu ndiye amayatsa moto m'khitchini tsiku lililonse 5 koloko m'mawa.

Bambo a ku Chinamwali: Musavutike mayi. Kontirakiti yokhala ndi tsiku lothera imatha yokha tsikulo likafika. Anasaina yekha.

Achimwene a ku Thondwe: Ngati ndi choncho, anyamata anga okweza matumba nditani nawo? Ndimawalipira madzulo aliwonse, pepala palibe.

Mayi a ku Sadzi: Bambo a ku Chinamwali, zimenezo n'zoona pa ntchito yomwe imathadi, monga kugwirira munthu amene ali pa tchuthi chokachira. Koma lamulo la ntchito la 2000 lili ndi mawu ena pa gawo 28. Ngati kontirakiti ya nthawi ikugwiritsidwa ntchito podzaza malo a ntchito ya masiku onse pa bizinesiyo, imatengedwa ngati yopanda malire, ija timati yapemanenti. Ndiye dzifunseni mayi: wophikayu akachoka, kuphika kutha? Ngati mawa lake muyamba kusaka wina, dziwani kuti makontirakiti asanu ndi atatu ali m'fayilowo sangakutchinjirizeni ku ofesi ya leba kapena ku khoti la za ntchito.

Mutengeni ngati wapemanenti. Pakhale chifukwa chomveka, mukhale naye pansi, ndipo popeza amalandira pamwezi, notisi ndi mwezi umodzi. Ngati chifukwa chake ndi kuchepa kwa ntchito, palinso ndalama yolekanirana: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu kwa amene sanapitirire zaka zisanu. Kwa iyeyu ndi masabata anayi, kuwonjezerapo malipiro a masiku a tchuthi amene sanapume.

Bambo a ku Chinamwali: Chabwino, koma ife timasiya sabata imodzi pakati pa makontirakiti. Sizithandiza?

Mayi a ku Sadzi: Ine sindingadalire zimenezo. Funso lidzakhalabe loti ntchitoyo ndi ya masiku onse kapena ayi.

Achimwene a ku Thondwe: Langa lija mwalilumpha.

Mayi a ku Sadzi: Pepani achimwene. Wotsitsa lole imodzi n'kulandira zake, ameneyo ndi waganyu, ntchito yatha, mwathana. Koma ngati nkhope zomwezo zikubwera Lolemba mpaka Loweruka chaka chonse, kuwalipira patsiku sikuwasandutsa aganyu. Yambani kulemba m'kaundula amene wabwera ndi zomwe walandira.

Mayi a ku Matawale: Zikomo kwambiri. Ndikumana ndi eni malo Lachisanu. Ndikuopa kuti adzati tiike wophika waganyu m'malo mwake, pamenepo ndiye sindikudziwa kuti "ntchito yachepa" tidzaifotokoza bwanji.