Khadi ya mphatso yochokera ku Joni ikunena kuti inagwiritsidwa kale ntchito, nditani?

Wofunsa, wa ku Nchalo:

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa amene nkhani za makadi a mphatso amazidziwa. Achemwali anga amene amagwira ntchito ku Joni anagula khadi ya marandi 300 ya sitolo ya mapulogalamu a pafoni, kuti ndilipirire mwana wanga wa Folomu 4 pulogalamu yophunzirira masamu. Khadiyo anaikala kumbuyo, anaijambula, n'kutumiza chithunzi pa gulu lathu la banja la WhatsApp. Lachiwiri madzulo ndinalemba zilembozo katatu, ndipo katatu konse foni inayankha kuti `invalid code`. Ndinaisiya foniyo patebulo n'kupita kukaphika. Lachitatu m'mawa nditayesanso mosamala, uthenga unasintha, tsopano ukunena kuti `already redeemed`, koma mu akaunti yanga mulibe ngakhale tambala. Dzina la kampani sinditchula chifukwa sindikudziwa pamene pali vuto. Kodi ndalamazi zapita, kapena pali njira yozipezera?

Bambo wina wa ku Bangula:

Mayi, zimenezi zinandichitikira ndi khadi ya mayunitsi imene ndinagula pa msika. Ndinakala ndi mpeni, manambala awiri anafufutika, ndipo nditapita nayo ku ofesi anandilowetsera mayunitsiwo pompo. Pitani nayo khadiyo ku ofesi ya kampani ya foni yanu.

Wofunsa:

Zikomo bambo, koma iyi si khadi ya mayunitsi, ndipo khadi yeniyeniyo ili ku Joni. Ine ndili ndi chithunzi chokha.

Wokonza mafoni wa ku Ngabu:

Achemwali, choyamba musaike chithunzi cha khadiyo pano, ndipo amene akubwerereni kumbali kuti muwatumizire zilembozo akuthandizeni, musawayankhe, pakuti amene ali ndi zilembozo ndiye mwini ndalama.

Mauthenga awiri amene mwalandirawo sakunena chinthu chimodzi. Woyamba uja amatanthauza kuti makina sanazizindikire zilembo zimene munalemba. Kawirikawiri kumakhala kusokoneza B ndi 8, kapena S ndi 5, kapena O ndi 0, makamaka poti WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza ndipo zilembo zing'onozing'ono zimafanana. Ena amalemba nambala yaitali imene ili poyera pansi pa mizeremizere ija, m'malo mwa zilembo zimene zinali zobisika pamalo pokala. Nthawi zinanso wogulitsa pa kauntala amakhala kuti sanaitsegule khadiyo pa makina ake, ndipo khadi yosatsegulidwa ndi pepala chabe ngakhale mutalemba bwino chotani.

Uthenga wachiwiriwo ndi wina. Makina sanganene kuti khadi inagwiritsidwa kale ntchito ngati zilembozo zili zolakwika kapena ngati khadiyo sinatsegulidwe. Ndiye kuti Lachitatu munalemba molondola, khadiyo ndi yeniyeni, ndipo pakati pa Lachiwiri madzulo ndi Lachitatu m'mawa ndalamazo zinalowa mu akaunti inayake. Funso latsala ndi lakuti akaunti ya yani. Pa gulu la banjalo muli anthu angati, ndipo foniyo munaisiya ndi yani pamene munkaphika?

Mnyamata wa ku Nsanje boma:

Vuto ndi dziko basi. Khadi ya ku Joni sigwira ntchito kuno. Ikani pulogalamu ya `VPN`, imene imachititsa foni kuoneka ngati ili m'dziko lina, musankhe South Africa, ndipo zitheka.

Wokonza mafoni wa ku Ngabu:

Achimwene, za dzikozo mwanena zoona. Makadi a Google Play ndi a Apple amagwira ntchito pa akaunti ya dziko limene anagulidwa, kotero khadi ya marandi silowa mu akaunti yolembetsedwa ku Malawi. Koma dziko la akaunti silisintha chifukwa chakuti foni ikuoneka ngati ili kwina. Anthu a ku Marka mafoni awo amagwira netiweki ya ku Mozambique nthawi zina, koma akaunti zawo sizisanduka za ku Mozambique. Komanso ngakhale dziko litasintha lero, khadi imene yalowa kale kwina singalowenso kachiwiri. Chimene mfundo yanu ikutithandiza n'chakuti amene analowetsa khadiyi ayenera kuti ali ndi akaunti ya ku South Africa, ndipo zimenezi zikuchepetsa anthu oganiziridwa.

Mayi wa ku Chikwawa:

Ine ndikukayikira achibale. Pa gulu lathu la banja munthu akangoika chithunzi cha chilichonse chokhudza ndalama, sipatha mphindi khumi. Zotere amatumiza kwa munthu mmodzi, osati pa gulu. Komanso ndinamva kuti akuba ena amakopera zilembo za makadi akadali pa shelefu m'sitolo, n'kumata bwinobwino pamalo pokala paja, kenako amadikira kuti wina agule.

Wofunsa:

Pa gululo tilipo 14, ndipo atatu ali ku Joni, koma sindikufuna kuyamba kuloza achibale chala ndisanatsimikize, chifukwa mawu otere akatuluka sabwerera. Foniyo ndinaisiya ndi mwana wanga yemweyo. Foniyi inali ya achemwali angawo, anandipatsa chaka chatha atabwera kumudzi pa Khirisimasi.

Wokonza mafoni wa ku Ngabu:

Apo ndiye mwanena chinthu chofunika. Tsegulani sitolo ya mapulogalamuyo, dinani kachithunzi kozungulira kamene kali pamwamba kudzanja lamanja, muone ngati muli imelo imodzi kapena ziwiri. Mafoni ambiri ochokera ku Joni amene amafika pa benchi yanga amakhala ndi akaunti ya mwini wake wakale ikadali momwemo. Mukaipeza, isankheni, mulowe pa gawo la zolipira, muone ndalama zotsala ndi tsiku limene zinalowa. Muuzenso achemwali anuwo ayang'ane imelo yawo ngati munafika uthenga wotsimikizira.

Mukapanda kuzipeza, amene angadandaule bwino ndi achemwali anuwo, poti ndiwo anagula. Asataye lisiti ya pa kauntala, chifukwa ndiyo imaonetsa tsiku, sitolo, ndalama zimene analipira ndiponso kuti khadiyo inatsegulidwa. Ajambule lisitiyo pamodzi ndi khadi kutsogolo ndi kumbuyo, manambala onse akuoneka, atumize ku gawo la chithandizo la kampaniyo kudzera pa tsamba lake lenileni. Ndisakunamizeni, kampani imaona akaunti imene inalandira ndalamazo, koma dzina la mwini wake nthawi zambiri sikuuzani, ndipo kubweza ndalama si chinthu chotsimikizika.

Wofunsa:

Achimwene a ku Ngabu, mwalasa. Mu fonimu mulidi imelo ziwiri, ndipo mu akaunti yakale ya achemwali anga muli marandi 300 athunthu. Mwanayo wavomera kuti anakulitsa chithunzi chija n'kuona kuti pamene ine ndinkalemba 8 panali B, ndipo anasankha imelo inayo ataona kuti yanga ikukana. Akuti atadina, magetsi anali atazima, netiweki inangozungulirazungulira, iye n'kuganiza kuti zakanika, ndiye sananene kanthu poopa kukalipiridwa. Tsopano ndingazisamutse bwanji kuti zibwere mu akaunti yanga?

Wokonza mafoni wa ku Ngabu:

Ndalama za khadi ya mphatso zikalowa mu akaunti sizisamutsidwa kupita ku ina, ndipo sizitapidwa ngati ndalama zapamanja. Njira imene ilipo ndi kulipira pulogalamuyo pa akaunti ya achemwali anu yomweyo, atavomereza eni ake. Dziwani kuti chimene mwagulacho chidzakhala cha akaunti imeneyo, kotero akadzasintha mawu achinsinsi kapena kuichotsa mu fonimo, mwanayo akhoza kutsekeredwa kunja mayeso asanafike.

Mnyamata wa ku Nsanje boma:

Koma ine sindikhulupirira kuti ilola kugula foniyo ili ku Nchalo popanda `VPN`.

Wofunsa:

Ndiwaimbira achemwali anga usiku uno akaweruka ku ntchito, tigwirizane za mawu achinsinsiwo, kenako ndiyesa kulipira popanda kuikamo china chilichonse. Ikakana ndibweranso ndi uthenga umene ionetse.