Za printa ya ku hositelo ija: mmene zayendera

Ndinafunsa kuti: "Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndikufuna kumasindikizira anzanga ntchito zawo za m'kalasi ku hositelo. Ndigule printa ya inki kapena ya tona?"

Ndinagula ya tona yosindikiza zakuda zokha, yogwiritsidwa kale ntchito. Ya inki imafuna kusindikiza pafupipafupi. Ikangokhala pa holide inki imauma m'timabowo take. Tona ndi ufa, sauma.

Mtengo wa tsamba ndinaupeza motere. Rimu imakhala ndi mapepala 500, koma ndimawerengera 470, chifukwa ena amakwinyika m'makina, ena ndimabwereza. Ndimagawa ndalama ya rimu ndi 470, ya tona ndi masamba amene botolo limodzi limanditulutsira, n'kuphatikiza. Pamwamba pake ndimaikapo phindu ndi kangachepe kodzagulira dramu ina, kachitsulo kozungulira ka m'printa kamene kamasamutsira tona papepala.

Dramuyo muziiyang'anira. Zilembo zikayamba kuzilala, tona watsala pang'ono: tulutsani katiriji, kabokosi kamene mumakhala tona, muigwedeze m'mbali pang'onopang'ono, isindikizabe masamba angapo. Koma kadontho kakuda kakamabwerera motsetsereka tsamba pa mtunda wofanana, dramu yakalika, ndipo kuthira tona wina sikuthandiza. Nyengo ya mvula mapepala amayamwa chinyezi n'kumakokedwa awiriawiri, ndiye rimu yotsegula ndimaisunga m'pulasitiki yomanga.

Panopa ndimalandira PDF yokha, chifukwa fayilo ya Word imasuntha masamba ikatsegulidwa pa kompyuta ina. Ngongole ndinaletsa, munthu amayamba walipira pa foni. Sabata ya mayeso ndimatseka 9 koloko usiku kuti nanenso ndiwerenge.