Seva yadzuka, zopempha 212 zikudikira: ndiyambire pati?

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito pa kabungwe kosunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Salima. Mamembala amapempha ndalama zawo pafoni, ife n'kuwatumizira pa Airtel Money kapena Mpamba. Seva yathu inafa Lachisanu masana, yadzuka lero Lolemba, ndipo ndapeza zopempha 212 zili pa `PENDING`. Mayi wina wa ku Lifuwu akuoneka katatu, paliponse K40,000. Abwana akuti ndingodina `Retry all`, koma mtima ukukana. Ndiyambe ndi ziti, nanga anthu ndiwauze chiyani?

Bambo Mwale: Musadine, achemwali. `PENDING` sikutanthauza kuti ndalama sizinatuluke. Zina zinafika kwa eni ake, kungoti seva inafa isanalandire yankho. Mukabwereza, mulipira kawiri, ndipo kulondola ndalama yomwe munthu wagulira kale chimanga ndi ntchito yowawa. Yambani mwatenga sitetimenti ya akaunti zomwe mumatumizira, kuyambira Lachisanu m'mawa, muyerekeze ndi mndandanda wanu potsata nambala ya chopempha chilichonse. Zomwe zikuoneka pa sitetimenti zitsekeni pamanja. Chenjerani kwambiri ndi za mphindi zomaliza seva isanafe, pamenepo ndiye pobisala njoka. Zotsalazo tumizani khumikhumi, mukuona ngati ndalama yotsala mu akaunti ikutsika mogwirizana.

Yamikani: Wofika msanga ndiye woyamba, basi. Zofanana nambala ya foni ndi ndalama ingofufutani, musiye chimodzi.

Bambo Mwale: Pa kuyamba ndi akale tikugwirizana. Koma kufufuta ayi. Wina amapemphadi kawiri mwadala. Ziikeni pambali, muwaimbire mayiwo anene okha, mulembe amene waimba ndi nthawi yake.

Che Saidi: Vuto ndi magetsi limenelo. Gulani sola ndi mabatire.

Chisomo: Magetsi analipo, Che Saidi, inafa ndi seva yeniyeniyo. Ndayang'ana sitetimenti: 9 zinalipiridwa kale, kuphatikizapo K40,000 imodzi ya mayi aja. Thupi lachita kuzizira.

Nachisale: Kwathu ku Nkhotakota tinakhala chete masiku awiri, anthu n'kumangopempha mobwereza, mulu n'kukula. Tumizani uthenga panopa, musanayambe kulipira: "Pempho lanu tinalilandira, musatumizenso lina. Tikulipira motsata tsiku lopemphera. Ngati simunalandire pofika Lachitatu madzulo, tiimbireni. Sitifunsa nambala yanu yachinsinsi." Mawu omalizawo musawasiye, akuba amakonda nyengo ngati imeneyi. Ndipo tchulani tsiku lomwe mungalikwanitsedi.

Chisomo: Zikomo amayi, ndatumiza. Chatsala ichi: bambo wina waimba kuti ali ndi wodwala kuchipatala, koma pempho lake ndi la dzulo. Ndimudumphitse?

Yamikani: Mukatero aliyense adwala mawa.

Nachisale: Ine ndikanamuthandiza, bola abwana asayine papepala, chifukwa chake chilembedwe.