Ulendo wa Agogo wopita ku bwalo la ndege Lolemba

Chikondi (Joni): Mwaswera bwanji nonse. Tikiti ya amayi ndagula. Ndege inyamuka Lolemba m'mawa 10:15 ku Lumbadzi. Pa tikiti alemba kuti kulandira katundu amatseka 9:15, ikapitirira pamenepo sakwera ndipo ndalama zapita. Ine ndikufuna akakhale atafika 8:15, chifukwa pafunika kuwapemphera njinga ya olumala ija.

Limbani: Osadandaula amayi aang'ono, ndiwapititsa ndine. Ndayang'ana pa Google Maps pompano, kuchokera ku Area 36 kukafika ku bwalo ikuti mphindi 45. Tikanyamuka 7:30 tifika 8:15 yeniyeniyo.

Mayi a Tadala: Limbani mwana wanga, wayang'ana nthawi yanji?

Limbani: Panopa, 9 koloko usiku uno.

Mayi a Tadala: Ndiye foni yakuuza za msewu wa usiku, wopanda munthu. Lolemba 7:30 ndi msewu wina. Ine ndimayenda njira yomweyo tsiku lililonse kupita ku ntchito ku Kanengo. Mwezi watha ndinachenjezedwa ku ntchito chifukwa chochedwa, ndiye ndinayamba kulemba m'kope nthawi yotuluka pa geti ndi nthawi yofika. Dikirani ndilipeze.

Mayi a Limbani: Amayi agona kale. Tigwirizane kaye ife, ndiwauza mawa.

Mayi a Tadala: Ndalipeza. Sabata imene ndinkanyamuka 6:45, kuchokera ku 36 kukafika ku Kanengo ndinatenga mphindi izi: 85, 55, 50, 55, 65. Ya 85 ndi Lolemba. Sabata yotsatira ndinayamba kunyamuka 6 koloko, ndipo ndinkatenga pakati pa 35 ndi 40, palibe tsiku limene linapitirira pamenepo. Galimoto yomweyo, msewu womwewo.

Limbani: Ndawerengera, masiku asanu a 6:45 aja pakatikati pake ndi mphindi 62. Ndikawonjezera 20 za ku Kanengo mpaka ku bwalo zikukwana 82. Ndiye tinyamuke cha m'ma 6:50.

Malume Yohane: Ayi mphwanga. Nambala yapakati ndi ya munthu amene akachedwa lero mawa apitanso. Pa masiku asanu aja, awiri anapitirira 62 yakoyo. Ndege ndi ya tsiku limodzi. Tenga tsiku loipitsitsa m'kope la alongo anga, 85, uwonjezere 20. Ndi ola limodzi ndi mphindi 45. Uike pa 7:30 yako ija, ukufika 9:15, pamene akutseka. Uike pa 6:50, ukufika 8:35, ndipo apo sunaphulitse tayala, sunaimitsidwe ndi apolisi.

Chikondi (Joni): Achimwene, mtima wanga wayamba kale kugunda. Koma bwanji kusiyana kwa mphindi 45 ponyamuka kukuchulukitsa ulendo kawiri?

Malume Yohane: Ndinayendetsa minibasi zaka zambiri njira imeneyo, ndikuuzeni mmene zimakhalira. Anthu a ku 36, ku Biwi, ku Mchesi, ku Kawale, onse amatsikira ku mlatho wa mtsinje wa Lilongwe nthawi imodzi, pamene pali msika ndi depoti pafupi, maminibasi akuima paliponse, akabaza akudutsa pakati. Tingoyerekeza, manambalawa ndi ongofotokozera. Tinene kuti pamalo pothina pamadutsa magalimoto 30 pa mphindi. Akamabwera 25 pa mphindi, palibe mzere, aliyense akungodutsa. Akafika 40 pa mphindi, mphindi iliyonse 10 akutsalira. Pakatha theka la ola atsalira 300, ndipo wofika nthawi imeneyo adikira mphindi 10. Pakatha ola ndi 600, adikira mphindi 20.

Malume Yohane: Galimoto iliyonse ndi mpata wake itenge mamita 7. Magalimoto 300 mu mzere umodzi ndi makilomita awiri ndi pang'ono. N'chifukwa chake umaima kutali, mlatho usakuwoneka, n'kumaganiza kuti kwachitika ngozi, chonsecho kulibe.

Limbani: Ndiye bwanji tisadikire jamu ithe? Anthu akalowa m'maofesi 7:30 kapena 8 msewu umatseguka.

Malume Yohane: Apo ndi pamene ambiri amalakwitsa. Anthu akasiya kuchuluka, mzere suchoka nthawi yomweyo. Obwera atsike kufika 20 pa mphindi, odutsa akadali 30, mzere ukuchepa ndi 10 okha pa mphindi. Kuti 600 aja athe pafunika ola linanso. Wodikira kwambiri si amene anafika jamu ikuyamba, ndi amene wafika pamene yakhwima, cha kumapeto kwake. 7:30 yako ija ukukalowa pamenepo ndendende. Ndipo pamalo pothina si pamodzi. Ukachoka pa mlatho pali mtauni, pali pa Crossroads. Uliwonse uli ndi mzere wake.

Mayi a Tadala: Chimene ndinaphunzira m'kope langa si kutalika kokha ayi, ndi kusadziwika. Pa 6 koloko tsiku labwino ndi loipa zikusiyana mphindi 5. Pa 6:45 zikusiyana 35. Ndiye ukalawirira umapindula kawiri: ulendo ndi waufupi, komanso nthawi yosungira mwadzidzidzi imafunika yochepa. Ukalowa m'jamu uyenera kusunga yambiri, chifukwa minibasi imodzi ikangofera pa mlatho mzere wonse waima.

Mayi a Limbani: Nanga baipasi? Bambo a Limbani ankakonda imeneyo.

Malume Yohane: Baipasi ndi yabwino achemwali, chifukwa ku 36 muli pafupi ndi pokhotera ku Bunda pamene imayambira. Ndi yozungulira, mafuta imadya ambiri, koma mlatho ndi mtauni mwazilambalala. Vuto lake lili kumapeto, pamene imakumana ndi msewu wa ku Mchinji pafupi ndi Gateway. M'mawa pa raundabauti imeneyo pamadzaza. Mukadutsa apo mumatenga msewu wa Kaunda kulowera ku 49 ndi kuno ku 25, ndipo ambiri amakhala akubwera kutauni inu mukupita kwina, mbali yanu imayenda. Ine pa ulendo ngati uwu ndimasankha njira yotalika yomwe nthawi yake ndikuidziwa.

Limbani: Ndapeza posankha tsiku ndi nthawi yonyamukira pa Google Maps. Ndaika Lolemba 7:30, tsopano sikupereka nambala imodzi, ikupereka ziwiri zotalikirana.

Mayi a Tadala: Eya, uziyang'ana yaikuluyo. Komanso foni sidziwa ngati Lolembalo kudutsa mdipiti wa akuluakulu a boma apolisi n'kutseka msewu, ndipo ino ndi nyengo ya fodya, ku Kanengo kuli malole opita ku okushoni. Zimenezo umazisungira wekha.

Chikondi (Joni): Tiyeni tiwerengere chobwerera m'mbuyo kuti ndigone. Pa khomo la bwalo 8:15.

Malume Yohane: Ndi baipasi, mutalawirira, ndikupatsani ola limodzi ndi mphindi 10 kufika ku bwalo, ndawerengera mowolowa manja. Pamwamba pake mphindi 30 za tayala kapena apolisi a pamsewu, chifukwa kusintha tayala ndi jeke ya Limbani ija sikutenga mphindi zosakwana 20. Kuimika galimoto, kutsitsa zikwama ndi kuyenda kwa amayi, mphindi 10. Zonse ola limodzi ndi mphindi 50. Kuchotsa pa 8:15 ndi 6:25. Koma 6:25 ili pakhomo pa jamu, mukachedwa pang'ono 1:10 ija sigwiranso ntchito. Ndiye ndikuti 6 koloko.

Mayi a Limbani: Achimwene, zikayenda bwino ndiye kuti afika cha m'ma 7, ndege ya 10:15. Maola atatu pa mpando, munthu wa shuga. Mankhwala amamwa atadya, ndipo sadya mdima ulipo. Kuzizira kwa m'mawa mwezi uno mukukudziwa. Inenso ndikuopa kuchedwa, koma izi zikundivuta.

Chikondi (Joni): Zoona achemwali. Koma kudikira pa bwalo ali ndi fulasiki ya phala ndi bulangete kuli bwino kusiyana ndi kukhala m'galimoto pa mlatho akuyang'ana wotchi. Akachedwa ndilibe ndalama ya tikiti ina mwezi uno, ndipo tsiku la dokotala kuno ndi Lachitatu.

Mayi a Tadala: China chomwe sitikuwerengera. "Tinyamuka 6" kwathu kuno kumatanthauza kuti 6 koloko ndi pamene munthu akufunafuna chiphaso. Pali pemphero, pali aneba odzatsanzika, pali azakhali a ku Kawale amene anena kale kuti tiwadzere. Kukhotera ku Kawale kokha kukutibwezera ku njira ya mlatho.

Mayi a Mphatso: Pepani alamu anga nonse, ndalowerera mochedwa, ndimagoneka ana. Bwanji amayi adzagone kuno ku 25 Lamulungu? Chipinda cha Mphatso chilipo, iye agona pabalaza. Kuchokera kuno kupita ku bwalo sitidutsa mtauni, ndipo tikulowera kumene anthu akuchokera.

Malume Yohane: Mayi a Mphatso anena zoona, ine sindinaziganize. Kuchokera kuno ndi mphindi 25, ndiike 35 chifukwa cha malole a pa Kanengo. Mphindi 30 zadzidzidzi zikhale momwemo, 10 zotsitsa katundu. Ola limodzi ndi mphindi 15. Tinyamuka 7 koloko, amayi atadya phala lawo ndi kumwa mankhwala dzuwa litatuluka.

Mayi a Limbani: Izi ndiye zandikhazika mtima pansi. Pemphero ndi kutsanzikana tichite Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, aneba onse abwere nthawi imeneyo. Limbani awapititse ku 25 cha m'ma 3 masana, Lamulungu msewu umakhala wopanda anthu.

Limbani: Ndiye Lolemba ndibwere m'mawa kudzawatenga?

Malume Yohane: Ayi, ukatero jamu yomwe tikuithawayo waibweretsanso. Ugone konkuno ndi galimoto. Mafuta uthire Loweruka, usadikire Lolemba, sitidziwa kuti pa filing'i padzakhala mzere wotani. Uyang'anenso mpweya wa tayala la sipeya.

Mayi a Tadala: Ofuna kuperekeza ochokera ku 36 akwere yanga. Ndikutuluka pa geti 6 koloko, wosakonzeka ndimusiya ndipo asadzandikwiyire. Azakhali ndiwaimbira ndekha mawa kuti abwere ku pemphero Lamulungu, ku Kawale sindidzera.

Chikondi (Joni): Zikomo alamu, zikomo nonse. Achemwali, pasipoti, tikiti ndi kalata ya ku chipatala muike m'kachikwama ka m'manja Loweruka, mundijambulire ndione. Limbani, mukadutsa pa Kanengo Lolemba unditumizire uthenga.

Mayi a Limbani: Ndamva. Mankhwala a shuga ndiika momwemo, osati m'chikwama chachikulu. Amayi ndiwauza akadzuka.