Ndalama yodyera ya mwana ku Indiya, ndizitumiza mwezi ndi mwezi kapena pakamodzi?

Mayi wa ku Chitakale:
Abale anga mundithandize nzeru, mutu waima. Mwana wanga wamkazi ali ku sukulu ku Indiya kuyambira 2023, fizi amalipira malume ake, ine yanga ndi renti ndi chakudya, pamwezi amafuna marupi 25,000 omwe ndi pafupifupi madola 300. Akungopita kumene ndimatulutsa K354,000 zonse zimakwana, koma itagwa kwacha mu Novembala chaka chomwecho madola omwewo anafika K510,000, ine malipiro omwe aja, munda wa tiyi womwe uja. Chiyambire pamenepo bajeti sinandikhalirenso. Ndikapita ku banki amati lembani fomu tikuimbirani foreksi ikapezeka, mwezi wina zimatuluka msanga mwezi wina sabata zitatu zii, mwana uko mwini nyumba ali pakhomo. Komanso ndikatumiza 300 iye amati yafika 280. Ndiye ndipange bwanji, ndizitumizabe mwezi ndi mwezi kapena ndizisonkhanitsa? Ndalama yanga yambiri imabwera nthawi ya mvula tiyi akamaphuka bwino, chilimwe ndimadalira malipiro basi ndi tinandolo pang'ono.

Bambo wa ku Limbuli:
Mayi musavutike ndi mizere ya ku banki, bwerani kuno ku Muloza anyamata ali ndi ndalama zamitundu yonse, mphindi zisanu mwathana nazo.

Mayi wa ku Chitakale:
Achimwene, nditagula kumeneko ndiye zifike bwanji ku Indiya, ndizimangirira pa njiwa? Komanso reti yawo ija ndinaifunsapo, ndinangoseka n'kubwerera.

Bambo wa ku Luchenza, anagwirapo ntchito ku banki:
Za ku Muloza zisiyeni, n'zoletsedwa ndi lamulo, ndipo madola opanda lisiti simungawalowetse ku banki kuti atumizidwe, akufunsani komwe mwawatenga.

Tiyambe ndi 20 ikusowayo chifukwa ndi yosavuta. Siinabedwe. Ndalama ikamachoka kuno sipita molunjika ku Indiya, imadzera kaye ku banki ina yapakati yomwe imayendetsa madola, ndiye iyo imadulapo yake. Pa fomu paja pali malo osonyeza yemwe alipire zodulazo. Mukasankha SHA, inu mumalipira za banki yanu yokha, zapanjira zimachotsedwa pa ndalama ya mwana. Mukasankha OUR mumalipira zonse kuno, imakwera pang'ono koma kawirikawiri imafika yathunthu. Pemphani kapepala ka umboni woti ndalama yatumizidwa, komwe ambiri amakatchula MT103, muone zomwe analemba, ndi komwekonso mwana angaonetse ku banki yake ndalama ikachedwa. Tikawerengera pa reti ya 2023 ya marupi 83 pa dola, madola 300 ndi marupi 24,900 pomwe 280 ndi 23,240, ndiye mwana akuperewedwa 1,660 mwezi uliwonse, n'kutheka amangokhala chete kuopa kukudandaulitsani.

Tsono onani apa, kudula kumeneku sikuyang'ana kwenikweni kukula kwa ndalama, kumayang'ana kuti mwatumiza kangati. Kutumiza ka 12 pachaka ndi madola 240 otayika panjira. Kutumiza kanayi, 900 ulendo uliwonse, ndi madola 80 okha. Kusiyana kwake ndi madola 160, kuposa pang'ono theka la ndalama yodyera mwezi wathunthu.

Koma nkhani yaikulu si imeneyo. Inu mukuwerengera makwacha, mwana amadya marupi. Lembani bajeti yake m'marupi, muisandutse madola, kwacha ibwere kumapeto. Ndipo dziwani kuti reti yomwe mwaiona tsiku lolemba fomu si yomwe mulipire, banki imawerengera ya tsiku lomwe madola apezeka n'kudula mu akaunti. Anthu omwe anasiya mafomu kumayambiriro kwa Novembala 2023 atawerengera 1,180 anadzauzidwa kuti onjezerani, ndi 1,700. Ndalama yomwe yakhala mu akaunti yanu kuno kudikira siinatetezeke, yotetezeka ndi yomwe yawoloka kale. Ndiye ine ndikanakhala inu, ya tiyi ija ikalowa kuyambira Januwale mpaka Epulo ndikanaikankha yonse yomwe ndingathe, kuti mwana akhale ndi miyezi iwiri yapatsogolo nthawi zonse, fomu yotsatira n'kumailemba iye akadali ndi yodyera, osati itatha.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Ine wanga ali ku Joni, ndinachita zomwezo za miyezi itatu, eee ndinalira. Mnyamata anaona ndalama yambiri pakamodzi anagula foni ndi nsapato, pofika mwezi wachiwiri anali akupempha kale. Ana awa musawapatse chigulu mayi, inuyo mukumudziwa wanu koma ine ndanena.

Mphunzitsi wa ku Thyolo boma:
Njira yake ndi yosavuta, muziika 10 peresenti pamwamba pa bajeti basi, reti ikasuntha mwadziteteza. Ndiponso reti ya banki siikusunthasuntha ngati kale, nanga mukuopanji.

Bambo wa ku Luchenza:
Aphunzitsi, 10 peresenti ndi yabwino pa tizisuntha tating'ono ndi zolipira za banki, imeneyo aziikadi mu akaunti fomu ikamadikira. Koma kwacha yathu siitsika pang'onopang'ono, imakhala phee kenako tsiku limodzi gwaa, mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44. Pa madola 900 kugwa ngati kwa 2023 kuja kukuchotsani pa K1,062,000 kukufikitsani pa K1,530,000, 10 peresenti yanuyo siifika ngakhale pakati. Ndipo reti ikaima madola akusowa, mtengo wake mumaulipira ndi kudikira.

Za mayi a ku Bvumbwe ndi zoona ndithu. Chomwe ena amachita, ikangofika mwana amalipiriratu renti ya miyezi itatu n'kutumiza lisiti kunyumba, yotsala m'manja imakhala yachakudya yokha. Ngati amakhala ku hositelo ya sukulu n'zabwinonso koposa, pemphani invoisi ya sukulu mulipire molunjika ku akaunti yawo, pamodzi ndi kalata yomulandira ku sukulu, pasipoti ndi viza yake, mafomu okhala ndi mapepala okwanira sabwererabwerera.

Mayi wa ku Chitakale:
Samakhala ku hositelo bambo, amachita lendi ndi anzake awiri, invoisi palibe, koma kalata ya mgwirizano ndi mwini nyumba ilipo. Za OUR zija sindimadziwa, ine ndimangosayina pomwe andilozera. Koma funso langa lina, 300 yokha ndimadikira sabata zitatu, nanga 900 adzandipatsa?

Bambo wa ku Luchenza:
Apo sindikulonjezani. Nthawi zina amapereka gawo chabe, nthawi zina yaing'ono ndi yomwe imatuluka msanga, zimatengera zomwe banki ili nazo sabata imeneyo. Lembani 900 koma muwauze kuti ikapezeka 600 muilandira, ndipo kalata ya lendiyo mupite nayo.

Mnyamata wa ku Mulanje boma:
Amayi, pali amalonda ena ku Limbe mumawapatsa makwacha kuno abale awo n'kumupatsa mwana marupi konko tsiku lomwelo, anzanga amatero.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Nanga akakana kuti sanalandire mukasuma kuti? Mnzanga wa kutchalitchi mpaka pano akuyendera yake.

Mayi wa ku Chitakale:
Imeneyo ayi mwanawe, ndalama yothyola tiyi m'mame sindingaipereke popanda pepala. Lolemba ndipita ndi fomu ya 600 kaye, 900 pakali pano ndilibe, ndipo ndifunsa kuti OUR akudula zingati ndione ngati ikuposa 20 ija. Mwana ndamuimbira kale, akuti mwini nyumba avomera ya miyezi iwiri koma renti akufuna akweze chaka chamawa, nayo ndi nkhani ina.